Momwe mungafupikitsire chidule cha kafukufuku wa zaumoyo kuti chikwane m'mawu 250

Chidule chimene chafika mawu 410, pamene magazini kapena msonkhano ukufuna mawu 250 okha, sichifupika pochotsa liwu limodzi apa ndi lina apo. Njira imeneyo imadya tsiku lonse, ndipo chotsalacho chimakhala chodukaduka koma chikadali chachitali. Chimene chimathandiza ndi kugawiratu mawu ku chigawo chilichonse musanakhudze chiganizo ngakhale chimodzi, kenako kuteteza manambala a zotsatira kuti lumo lisafikeko.

Choyamba werengani malamulo a kumene mukutumizako, kaya ndi ku Malawi Medical Journal, ku msonkhano wa kafukufuku wa KUHeS kuno ku Blantyre, kapena ku msonkhano wakunja. Onetsetsani ngati akuwerenga mawu kapena zilembo, ngati mutu ndi mayina a olemba zikulowa m'chiwerengerocho, komanso ngati timitu ta Background, Methods, Results ndi Conclusions tikuwerengedwa. Kumene amawerenga zilembo, kawirikawiri amawerenga ndi mipata yomwe. Mu Word, mukasankha chidulecho n'kudina Ctrl+Shift+G mudzaona ziwerengero zonsezi pamodzi.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekezera, chimene manambala ake si a kafukufuku weniweni. Mwayendera mabanja 612 ku Ndirande ndi ku Bangwe kamodzi kokha, kufunsa ngati mwana wosakwana zaka zisanu anagona m'neti usiku wathawo. Pa mawu 250, ine ndimapereka pafupifupi 35 ku chiyambi, 70 ku njira zimene zinatsatidwa, 105 ku zotsatira, ndi 40 ku mawu omaliza. Mukawerenga chigawo chilichonse pachokha, nthawi zambiri mudzapeza kuti chiyambi ndicho chatupa, mwina chafika mawu 130, chifukwa wolemba anangokopera ndime yoyamba ya lipoti lake.

Chiyambi chotere chiduleni mopanda chisoni. Amene akuwerenga chidule cha malungo amadziwa kale kuti malungo amafala ndi udzudzu ndiponso kuti ndi vuto lalikulu m'Malawi, choncho ziganizo zimenezo zichoke. Patsale ziganizo ziwiri: chimodzi chonena chimene sichikudziwika, mwachitsanzo kuti maneti anagawidwa koma sizikudziwika kuti ana a m'madera othithikana a mumzinda akugonamodi, ndi china chonena chimene inu munafuna kupeza. Apa pokha mwapulumutsa mawu pafupifupi 95 mwa 160 amene muyenera kuchotsa.

Ku njira, sungani mtundu wa kafukufuku, malo, miyezi ndi chaka, amene anafunsidwa ndi mmene anasankhidwira, chimene munkayeza, ndi njira yowerengetsera imene munagwiritsa ntchito. Ndondomeko ya STROBE yolembera malipoti a kafukufuku wotere, imene inatuluka mu 2007, imafuna kuti mtundu wa kafukufuku utchulidwe pa mutu kapena m'chidule, ndiye ngati mutu sukuwerengedwa, utchuleni pamutupo. Dzina la pulogalamu ya pakompyuta, maphunziro amene munawapatsa ofunsa mafunso, ndi nambala ya chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku ya COMREC zingadikire m'lipoti lenileni, pokhapokha ngati malamulo akuzifuna m'chidule.

Chigawo chofunika kuchigwira mosamala ndi cha zotsatira, ndipo ndi pano pamene chidule changa china chinabwezedwa. Munthu akatsala ndi mawu 30 oti achotse, diso lake limathamangira ku mabulaketi, chifukwa manambala a m'menemo amaoneka ngati zokongoletsera. Chiganizo chimene chinali chakuti ana 379 mwa 612 (61.9%) anagona m'neti, ndipo kugona m'neti kunkapezeka kwambiri m'mabanja okhala ndi maneti awiri kapena kuposerapo (OR 2.1, 95% CI 1.4–3.2), chimasanduka chakuti ana ambiri anagona m'neti ndipo kuchuluka kwa maneti kunathandiza. Chafupikadi, koma zinthu zitatu zaonongeka. Wowerenga sakudziwanso kuti "ambiri" ndi angati mwa angati, sakudziwa kukula kwa kusiyanako kumene OR imaonetsa, ndipo liwu lakuti "kunathandiza" likunena kuti china chinachititsa chinzake, chimene kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha sangatsimikize. Mwina mabanja a maneti ambiri ndi opezako bwino, kapena ali ndi zipinda zokwanira kupachikamo neti, ndipo chimenecho ndicho chikusiyanitsa.

Malire a 95% CI ndi amene amauza woyesa chidule kuti akukhulupirireni mpaka pati. Tiyerekeze kuti munapezanso kuti maphunziro a mayi anali ndi OR 1.3, 95% CI 0.9–1.9. Popeza OR ya 1 imatanthauza kuti palibe kusiyana, ndipo 1 ali pakati pa 0.9 ndi 1.9, simunganene motsimikiza kuti pali kusiyana, koma mukachotsa malirewo n'kusiya 1.3 yekha, wowerenga adzaganiza kuti mwapeza kanthu. Choncho lamulo langa ndi lakuti ndi bwino kuchotsa chotsatira chonse kusiyana ndi kuchisiya chopanda malire ake. Sankhani zotsatira ziwiri kapena zitatu zimene zikuyankha funso la pachiyambi, muzilembe zathunthu, ndipo zinazo zichoke zonse, ngakhale zimene munazivutikira kwambiri. Ngati mwapereka 95% CI, nthawi zambiri nambala ya p ingachoke, chifukwa malirewo anena kale zimene iyo ikananena.

Pali njira zachidule zololedwa zimene zimapulumutsa mawu popanda kutaya kanthu. Word imawerenga chilichonse cholekanitsidwa ndi mpata ngati liwu, motero p < 0.05 ndi mawu atatu pamene p<0.05 ndi limodzi, ndipo 379/612 (61.9%) ndi mawu awiri okha. Koma kulumikiza mawu wamba ndi timizere kuti munamize chiwerengero kumaonekera msanga, ndipo kumene amawerenga zilembo sikupindulitsa chilichonse. Mawu ofupikitsa nawonso amapindulitsa pokhapokha ngati mukuwagwiritsa ntchito katatu kapena kuposerapo, poti koyamba muyenera kuwalemba onse.

Ndichenjezeko za anthu amene amadzilengeza m'magulu a pafoni kuti amakonza zolemba za ophunzira pa mtengo wa tsamba lililonse. Ena Chingerezi amachidziwadi, koma sadziwa kuti OR n'chiyani, ndipo mabulaketi aja ndiwo amayamba kuwachotsa, inu mutalipira kale. Ndalama zochepa kwambiri zimene mungaononge mopindula ndi zosindikizira tsamba limodzi pa Ginnery Corner, n'kulipereka kwa mnzanu amene sanaone kafukufukuyo kuti akuuzeni, osayang'ananso pepala, chimene munafunsa ndi chimene munapeza.

Mawu omaliza asabwereze manambala, ndipo asanene kanthu kamene sikali m'zotsatira. Ziganizo ziwiri n'zokwanira: chimene mwapeza, ndi chimene oyang'anira zaumoyo angachite nacho. Chiganizo chakuti pakufunika kafukufuku wina chichoke ngati simukutchula kuti wofufuza chiyani.

Pomaliza, yerekezani nambala iliyonse ya m'chidule ndi matebulo a m'lipoti, chifukwa pofupikitsa 61.9 amasanduka 69.1 mosavuta. Imani pa mawu 243 kapena 245, popeza kawerengedwe ka kumene mukutumizako kangasiyane pang'ono ndi ka Word. Mukamata chidulecho m'bokosi lawo, werenganinso zizindikiro monga ≥ ndi ±, zimene nthawi zina zimasintha, ndipo tumizani kudakali tsiku limodzi kuti magetsi kapena netiweki zisakutsekereni panja.