Momwe mungamangire pazo ya zidutswa 1000: yambani ndi za m'mphepete, koma musafulumire kuzikhulupirira

Mwana wa mlongo wanga anakhala nane kuno ku Chilenje holide yonse, ndipo chifukwa malaiti ankapita m'mawa n'kubwera usiku, tinafuna chochita chosalira magetsi. Ndi momwe ndinayambira kumanga mapazo a zithunzi, aja a tizidutswa ta katoni tolumikizana. Manje ndamalizako angapo a zidutswa 1000, ndiye amene mukufuna kuyesa ndikuuzeni momwe ine ndimachitira, makamaka pamalo pamene ndinavutikirapo maningi.

Choyamba pezani pomangira musanatsegule pulasitiki. Pazo ya zidutswa 1000 ikatha nthawi zambiri imakhala pafupifupi masentimita 70 m'litali ndi 50 m'lifupi, muyezo weniweni umalembedwa pa bokosi. Musamangire pa tebulo yodyera mwachindunji chifukwa nsima ikapsa anthu adzafuna tebulo yawo. Ine ndinatenga katoni ya TV kwa aneba, ndinaidula kuti ikhale yokulirapo pang'ono, ngati 90 kwa 70, ndiye ndikatopa ndimangoinyamula n'kuilowetsa pansi pa bedi nditaphimba ndi chitenje. Wina akakuuzani kuti mugule mati yapadera yopindira pazo, musataye ndalama poyamba, katoni yolimba kapena kapulanga kopyapyala kotsala kwa kalipentala kamagwira ntchito yomweyo.

Kenako khuthulani zonse ndipo tembenuzani chilichonse chithunzi chiyang'ane kumwamba. Ntchito iyi ndi yotopetsa, imandidyera pafupifupi ola lathunthu, koma ndimachita ntchito ziwiri pakamodzi: chidutswa chilichonse chimene ndagwira, ndikaona kuti chili ndi mbali imodzi yowongoka yopanda kamutu kapena kabowo, ndimachiponya m'chivindikiro cha bokosi, chifukwa chimenecho ndi cha m'mphepete. Chokhala ndi mbali ziwiri zowongoka ndi kona, ndipo makona ali 4 chabe. Zina zonse ndimaziika m'magulu a mitundu nthawi yomweyo kuti ndisadzazigwire kawiri.

Pali kawerengero kamene kamathandiza. Mapazo ambiri amadulidwa m'mizere, ena 40 kwa 25, ena 38 kwa 27 (izi zimakwana 1026, ndiye musadabwe kuti 1000 yolembedwa pa bokosi sikhala ndendende nthawi zonse). Pa madulidwe onse awiriwa, za m'mphepete pamodzi ndi makona zimakwana 126. Ndiye mukawerenga n'kupeza 118 kapena 120, musayambe kukhuthulanso mulu wonse kusaka zotsalazo, zili mommo ndithu, zinangobisala ndipo zidzaoneka zokha mulu ukamachepa. Siyani mpata mufulemu, mzere wozungulira wa zidutswa za m'mphepetezi, mupitirire.

Za magulu a mitundu, musachite ambiri. Ine ndinaona kuti 6 kapena 7 akwanira, ukapitirira apo umangokhala ukusinkhasinkha kuti kaya ichi ndi buluu wakuda kaya wowala m'malo momanga. Pazo imene ndikambe pano inali ya Mosi-oa-Tunya, yojambulidwa mlatho uja wachitsulo wa pa Zambezi ukuoneka. Magulu anga anali thambo, madzi oyera ndi nkhungu ya mathithi, miyala yakuda ya m'phompho, mitengo yobiriwira, zitsulo za mlatho, utawaleza, ndi gulu lomaliza la zidutswa za mitundu iwiri, monga theka thambo theka mtengo. Gulu lomalizali anthu amalinyalanyaza koma ndi lofunika kuposa onse, chifukwa ndi limene limakusonyezani malire, pamene chinthu china chikuthera ndi pamene china chikuyambira. Zoikamo ndi zimene muli nazo m'nyumba, matileyi, zivindikiro za ndowa, lichero, bola zidutswa zigone chimodzichimodzi osati kuunjikana, chifukwa chimene chili pansi pa chinzake diso silichiona. Ndipo kusankha mitundu chitani masana, pakhonde kapena pafupi ndi windo. Ndi kababu ka sola usiku, buluu wa thambo ndi wotuwa wa nkhungu amaoneka ofanana, m'mawa mwake mupeza mwasakaniza.

Manje tifike pa fulemu, pamene ndinalakwitsa. Aliyense amakuuza kuti yamba ndi m'mphepete, ndipo ndi zoona, koma palibe anandichenjeza kuti fulemu ingatsekeke bwinobwino, mbali zonse zinayi, ili yolakwika.

Pazo ya Mosi-oa-Tunya ija ndinaigula kwa munthu wina wa salaula mutauni pa K80, bokosi lomata ndi selotepi, iye akulumbira kuti zonse zilimo. Inali ya mtundu wotchipa, katoni yopyapyala, ndipo mapazo otchipa ambiri ali ndi vuto loti zidutswa zimadulidwa mofanana kwambiri, timitu ndi timabowo ta saizi imodzi, ndiye chidutswa chimodzi chimatha kulowa malo atatu osiyana. Kumunsi ndi m'mbali, kumene kuli miyala ndi mitengo, chithunzi chenicheni chinkanditsogolera, nthambi ikaduka pa chidutswa ichi iyenera kupitirira pa chinacho. Koma mzere wapamwamba wonse unali thambo lokhalokha. Ndinangolumikiza chilichonse chimene chinalowa, mzere unatseka, ndinawerenga pamwamba ndi pansi n'kupeza nambala yofanana, ndinasangalala. Patapita masiku anayi, nditamanga mlatho ndi mathithi n'kuyamba kukwera kuthambo, mzere wachiwiri kuchokera pamwamba unakana. Zidutswa ziwiri zogwirizana bwino pazokha, chimodzi chikulowa mufulemu, chinzake chikukana. Ndinayesa zina, ndinayesa zinanso, ndinayamba kukhulupirira kuti wa salaula uja anandisakanizira mapazo awiri. Mwana uja ndi amene anati, "Amalume, mwina zolakwika ndi zapamwambazi." Ndinali nditasinthanitsa magulu awiri a zidutswa, lina la 4 lina la 5, lililonse lili pamalo pa linzake.

Ndiye momwe mungadziwire msanga ndi umu. Chidutswa cholondola chimalowa chokha, mukangochikankha pang'ono ndi chala chimagona fulati. Ngati mukuchita kukanikiza ndi chala chachikulu, kapena chalowa koma kakona kamodzi katukuka, chichotseni. Yang'ananinso mzere wakunja, uyenera kuwongoka ngati lula, pakakhala kasitepe ngakhale kakang'ono ngati chikhadabo pakati pa zidutswa ziwiri, pamenepo pali bodza. Mkati mwake namo, makona a zidutswa ziwiri zoyandikana ayenera kukumana pamalo amodzi, pa mapazo a mizere yowongoka zidutswa zinayi zikakumana zimapanga kamtanda koyera. Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi yotembenuza: nyamulani ziwirizo mosamala, muziyang'ane kumbuyo kumene kulibe chithunzi chokunyengani, kapena muzikweze kuwindo. Kuwala kukamadutsa mbali imodzi ya kamutu pamene mbali ina yathina, sizake. Ndipo thambo silikhala buluu mmodzi ayi, kawirikawiri limada kumwamba n'kumawala potsika, komanso mbali ya dzuwa imayera kuposa inayo. Yalani zidutswa zonse za mzere wapamwamba motsatana kuyambira chakuda mpaka chowala musanalumikize chilichonse, mukaima chapatali pang'ono mudzaona chimene chadumpha mzere.

Masiku ano ndikaona kuti mbali imodzi ya chithunzi ndi mtundu umodzi wokhawokha, sindiitseka n'komwe poyamba. Ndimamanga mbali zitatu zimene ndikutsimikiza, ndimayeza ndi tepi kuti makona awiri apamwamba akhale pa mtunda wolembedwa pa bokosi, zotsalazo ndimazisunga pambali mpaka mkati mutakwera kufika pamenepo. Pamenepo chidutswa chilichonse cha m'mphepete chimayenera kugwirizana ndi cha pansi pake komanso cha pambali pake, ndiye kunama kumavuta. Kuwerenga pamwamba ndi pansi kumathandiza kugwira chidutswa chosowa kapena chowonjezera, koma kusinthanitsa ngati kwanga kuja sikugwidwa ndi kuwerenga.

Pa za salaula ndinenepo pang'ono. Pazo ija pomaliza inasowa zidutswa ziwiri, ndipo zinandiwawa chifukwa ndinaigwirira ntchito masabata atatu. Mukamagula yogwiritsidwa kale, funani imene pulasitiki ya mkati ili yomata ya kufakitale, osati yomangidwa mfundo. Zatsopano m'mashopu a mabuku ndi zidole m'mamolo zimadula kangapo kuposa pamenepo, koma zodulidwa bwino ngati za Ravensburger katoni yake ndi yochindikala ndipo vuto lolowa pamalo olakwika limachepa kwambiri. Zina zotchipa zimakhala ndi malembo kumbuyo ogawa chithunzi m'zigawo, ena amati ndi kubera, ine ndimati mukakakamira gwiritsani ntchito, makamaka pofuna kutsimikiza fulemu.

Mkati, yambani ndi gulu laling'ono komanso losiyana ndi ena onse. Kwa ine unali utawaleza kenako mlatho, chifukwa zitsulo zake ndi mizere yopingasana yosavuta kutsatira. Mangani timagulu timeneti padera, kakafika zidutswa 8 kapena 10 mukasunthire mufulemu pamalo pamene bokosi likusonyeza, ngakhale sikanagwire kalikonse. Kenako zidutswa za mitundu iwiri zija, kuti mujambule malire a thambo ndi mitengo, a madzi ndi miyala. Malirewo akafika kufulemu mbali zonse, chithunzi chagawika m'minda ing'onoing'ono ndipo munda uliwonse uli ndi tileyi yake.

Mitengo ndi miyala mumangopirira nazo, yang'anani kumene timizere ta masamba tikuloza. Mukakhala mphindi 10 osalowetsa kalikonse sinthani gulu kapena zungulirani mukhale mbali ina ya bolodi.

Thambo ndi nkhungu zisiyeni komalizira. Apa mtundu suthandizanso, ndiye sankhani potengera maonekedwe: za timitu tiwiri toyang'anana padera (izi ndi zimene zimachuluka), za kamutu kamodzi, za timitu titatu, za timitu tiwiri toyandikana, ndi zochepa zija za timitu 4 kapena zopanda kamutu. Ziyaleni m'mizere zoyang'ana kumodzi. Sankhani mpata umene wazingidwa kale mbali ziwiri kapena zitatu, onani kuti ukufuna timitu kuti ndi timabowo kuti, n'kuyesa za mzere umenewo zokha chimodzichimodzi. Zimene zakana zibwezeni pamalo pake mumzere, musaziponyenso mumulu. Ndipo musanasese m'nyumba yang'anani pansi pa mpando ndi m'mapindo a chitenje, tizidutswa timamatira kumkono n'kugwa osamveka.