Sekyula ikabwera mu Chingerezi, ifikitseni kwa wogwira mopu

Anzanga a m'zipatala za kumudzi, makamaka inu a inchaji, anamwino ndi ma HSA amene mumapatsidwa pepala n'kuuzidwa kuti "tatembenuzani iyi anthu amve", tiyeni tikambirane za sekyula zochokera kuboma zija. Zimabwera mu Chingerezi chaofesi, ndipo amazilembera a inchaji, koma ntchito imene ili m'katimo nthawi zambiri oigwira ndi ma atendanti, okonza panja ngakhalenso alonda a usiku amene amakhala oyamba kulandira wodwala pageti. Ndiye mukangomata pepalalo pabolodi mmene labwerera, kapena kulitembenuza liwu ndi liwu, uthenga umathera pabolodi pompo.

Nditenga chitsanzo chimodzi, sekyula ya kolera yonena za kasungunulidwe ka kolorini. Tonse tikukumbukira mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira maboma onse, makalata amtunduwu anayenda kwambiri ndipo dzinja lililonse amabweranso.

Musanalembe liwu la Chichewa ngakhale limodzi, werengani kalata yonse mpaka kumapeto, kawiri, cholembera chili m'manja. Mukufuna mupeze kuti akuti ndani achite chiyani, liti, mochuluka bwanji, ndipo akauze ndani. Mudzaona kuti ndime yoyamba yonse nthawi zambiri ndi mawu olowera basi, zoti potsatira kalata yathu yapitayo komanso malinga ndi msonkhano wakutiwakuti, ndipo lamulo lenileni labisala pa ndime yachitatu. M'Chichewa chanu lamulolo libwere pamwamba. Chifukwa chake mutha kuchinena m'chiganizo chimodzi, kuti kolera wapezeka m'boma lathu lino, anthu akamva zimenezo amatchera khutu okha.

Tsono vuto lalikulu la Chingerezi chaofesi ndi loti chimakonda kubisa wochita. Mukachitsatira mmene chilili mupeza mwalemba zonga izi: "Kukuyembekezeka kuti kudzaonetsetsedwa kuti madzi a kolorini a mphamvu zoyenerera akukonzedwa tsiku ndi tsiku ndi kupezeka pamalo onse ofunikira." Mawu onsewa ndi Chichewa ndithu, koma funsani atendanti kuti ndiye mawa mutani, akuyang'anani. Akukonzedwa ndi ndani? Nthawi yanji? Malo ofunikira ndi ati pachipatala chathu chino? Wolemba kuboma sangadziwe kuti kwanu kuno amene amatsegula m'mawa ndi ndani, n'chifukwa chake anasiya poyera, koma inu mukudziwa. Apa ndiye pamafunika kukhala pansi ndi a inchaji, iwo ndi amene agawe ntchito, inu musamangopatsa anthu maudindo panokha chifukwa choti cholembera chili ndi inu. Akagawa, chiganizo chija chimasanduka: "Atendanti amene ali pa shifiti ya m'mawa asungunule kolorini watsopano tsiku lililonse isanakwane 7 koloko, aike ndowa imodzi pakhomo lolowera, ina pakhomo la tenti ya odwala kolera, ina kuchimbudzi."

Samalaninso ndi kulemera kwa lamulo. Mu Chingerezi muli timawu tating'ono tosiyanitsa chinthu chokakamiza, chinthu chongolimbikitsa ndi chinthu chololedwa ngati munthu afuna, ndipo ife chifukwa cha ulemu timakonda kufewetsa zonse n'kulemba kuti "mukupemphedwa". Ulemu ndi wabwino, ambiri mwa okonza panja ndi akuluakulu oti ndi makolo athu, koma ulemu uli kale mu "inu" ndi "mu-". Pamene kalata yakakamiza lembani "muyenera" kapena "musachite", pamene yangolimbikitsa lembani "ndi bwino", pamene yalola lembani "mungathe". Mukalemba kuti mukupemphedwa kuvala magolovesi, munthu amamva kuti akhoza kukana.

Tifike pa manambala, pamene ine ndimaopa kwambiri. Sekyula idzangonena kuti 0.05% wosambira m'manja, 0.2% wokolopera pansi ndi kupukutira mabedi, 2% wothira pa masanzi ndi zotuluka m'mimba mwa wodwala komanso posamalira thupi la womwalira ndi kolera. Manambalawa muwakopere ndendende, osawasintha, osawalemba m'mawu, ndipo mukamaliza muwayang'anenso limodzi ndi munthu wina, wina akuwerenga pepala la Chingerezi wina la Chichewa. Pa fotokope yofufuma kadontho kaja kamasowa, ziro mmodzi akhoza kugwa, ndiye 0.05 n'kukhala 0.5, amene ndi wamphamvu kakhumi, m'manja mwa anthu muyamba kuwotcha ndi kusweka ndipo pakutha pa sabata palibenso amene akusamba pandowa ija.

Koma peresenti payokha simuthandiza munthu amene wagwira supuni. Iye akufuna amve masupuni angati m'ndowa yanji. Ngati kolorini wanu ndi waufa uja wa HTH wa mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti, muyezo wodziwika ndi uwu: supuni yaikulu imodzi yosalazidwa pamwamba, imene ndi magalamu pafupifupi 15, m'malita 20 a madzi imapereka 0.05%, masupuni 4 m'malita 20 amapereka 0.2%, ndipo masupuni 2 pa lita imodzi iliyonse amapereka 2%, kutanthauza kuti chigubu cha malita 5 chimafuna masupuni 10. Mawu oti yosalazidwa pamwamba musawasiye, supuni yathu yakukhitchini timazolowera kuitapa mulu ngati tikuthira shuga. Ndipo "ndowa" payokha si muyezo, pachipatala pali ndowa za malita 10, za 15 ndi za 20, ndiye lembani malita ndipo ngati n'kotheka ndowazo zilembedwe ndi penti. Zikhale zapulasitiki chifukwa kolorini amadya chitsulo.

Apa mvetsetsani bwino. Masupuniwa ngati mu sekyula mulibe ndiye kuti ndi inu mwaonjezera, choncho musaalowetse mwakachetechete ngati kuti ananena ndi akuboma. Yang'anani kaye mphamvu imene yalembedwa pachigubu cha kolorini amene muli naye, chifukwa akakhala wamadzimadzi kapena wa mphamvu ina masamu onse asintha, kenako a inchaji kapena mkulu woona zaukhondo atsimikize, ndipo muwaike pansi pa kamutu kakekake koti "Muyezo wa pachipatala chathu chino". Tsiku lina kukabwera kolorini wamtundu wina musintha kagawo kameneko kokha.

Pali mawu awiri a Chichewa amene pankhani iyi akhoza kukupusitsani. Loyamba ndi chimbudzi. Timanena chimbudzi kutanthauza kanyumba kaja, timanenanso chimbudzi kutanthauza zimene munthu wachita, pomwe Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana ndipo sekyula yapereka mphamvu zosiyana. Mukalemba kuti "thirani 2% pachimbudzi", wina akakolopa nayo silabu yonse, kolorini wa mwezi wonse n'kutha masiku ochepa, pomwe za m'ndowa ya pansi pa bedi la wodwala zatayidwa zosathiridwa kolorini. Lembani motalikirapo, palibe amene akukulipiritsani mawu: "zimene wodwala wachita kapena kusanza m'ndowa" apo, ndipo "pansi ndi makoma a kanyumba ka chimbudzi" apa. Lachiwiri ndi mankhwala. Kwa ife panado ndi mankhwala, kolorini ndi mankhwala, ndipo anthu anazolowera kuti kolorini amathiridwa m'madzi akumwa, ndiye mukalemba kuti madzi a mankhwala ali pakhomo, woyang'anira wodwala akhoza kutungapo kapu. Nenani kolorini, ndipo pandowa iliyonse palembedwe ntchito yake ndi mawu oti "osamwa".

Mawu ena achizungu osalimbana nawo. Golovesi, dripu, lipoti, fomu, shifiti, aliyense pachipatala amawanena choncho, mukayamba kupeka mawu atsopano oti chovala cham'manja anthu ayamba kufunsana kuti n'chiyaninso chimenechi. Thanzi ORS ndi Thanzi basi. Dzina la fomu kapena la rejisita lisiyeni mmene lalembedwera pachikuto kuti munthu akalipeze pashelefu.

Za nthawi nazonso lembani tsiku lenileni. Sekyula ikati lamuloli layamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, musalembe "kuyambira lero" chifukwa pepala lidzakhala pabolodi miyezi itatu, ikani deti. Ikati wodwala woganiziridwa kolera anenedwe pasanathe maola 24, musafewetse kukhala "mwamsanga", lembani maola 24 omwewo ndipo mufotokoze kuti akuyamba kuwerengedwa wodwala akangofika, osati mawa lake a inchaji akabwera. Liwu loti woganiziridwa lisagwe, apo ayi anthu adzadikira zotsatira za kulabu asananene.

Pamwamba pa pepala lanu pakhale nambala ya sekyula, deti lake ndi ofesi imene yachokera, pansi palembedwe amene watembenuza ndi siginecha ya a inchaji, komanso chiganizo choti pakakhala kusamvana tibwerere ku kalata ya Chingerezi. Mapepala awiriwo amatidwe limodzi. Mukatumiza pa gulupu ya Watsapu jambulani onse awiri, chifukwa la Chichewa likayenda lokha mawa lidzafika kuchipatala china kumene ndowa zawo ndi za malita 10.

Musanamate, liyeseni. Itanani munthu mmodzi amene adzagwire ntchitoyo, osati mnzanu wa Chingerezi chambiri, mumuwerengere mokweza kapena awerenge yekha. Musafunse kuti "mwamva bambo?" chifukwa ayankha kuti eya mwaulemu ngakhale sanamve. Nenani kuti "bambo, tiyerekeze ndi m'mawa, tandionetsani mmene mukonzere madzi osambira m'manja", muwapatse ndowa, supuni ndi mchenga kapena ufa m'malo mwa kolorini, inu muime pambali osalankhula. Akatenga ndowa yolakwika, akatapa supuni ya mulu, akafunsa kuti nanga otsala adzulo nditaye kapena ndionjezere, dziwani kuti pamenepo ndi pamene pepala lanu silinanene, bwererani mukalembe. Funso la otsala adzulo limabwera kawirikawiri, ndipo yankho lake lilowe m'pepalamo: wa 0.05% ndi wa 0.2% amakonzedwa watsopano tsiku lililonse, wa 2% amatha kukhala mpaka sabata ngati ali m'chigubu chotseka bwino chosafikidwa ndi dzuwa, ndiye pachigubupo palembedwe deti limene anasungunulidwa. Mukakonza, yesaninso ndi wa shifiti ya usiku, chifukwa iye nthawi zambiri sakhalapo pa msonkhano wa m'mawa pamene ena amafotokozeredwa pakamwa.