Musanabaye Chala, Sambani M'manja

Mayi wina wogulitsa zinanazi pa Chitakale anandipeza mtima uli m'mwamba. Kamakina kawo koyezera shuga kanali kataonetsa nambala yokwera kwambiri, 17.2 mmol/L, chonsecho m'mawa anali atabaya insulini monga mwa masiku onse, ndipo m'thupi ankamva bwinobwino. Nditawafunsa zomwe ankachita asanayeze, anati ankasenda chinanazi, kenako anangopukuta manja pachitenje. Ndinawapempha kuti asambe m'manja ndi sopo, aumitse, tiyezenso. Kamakina komweko kanaonetsa 7.4.

Kamakinaka sikadziwa kuti shuga uyu ndi wa m'magazi, uyu ndi wa chinanazi. Dontho lomwe timayeza ndi laling'ono kwambiri, moti madzi a chipatso oumira pachala, ngakhale osaoneka ndi maso, amasakanikirana nalo n'kukweza nambala. Nthochi, mango, mzimbe, ngakhale shuga wa mu tiyi, zonsezi zimatero. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti mayiwa akanawonjezera insulini potengera 17.2 uja, shuga wawo akanatsika mpaka kukomoka. Choncho nambala ikakudabwitsani, musathamangire mankhwala. Sambani, yezaninso.

Sipiriti musamudalire, chifukwa sachotsa bwino shuga wa zipatso ngati mmene amachitira madzi ndi sopo. Ndipo kaya ndi madzi kaya sipiriti, chala chiyambe chauma musanabaye. Chikakhala chonyowa magazi amasungunuka, nambala n'kusokonekera. Mukakhala kumunda kapena ku esiteti komwe kulibe madzi, pukutani dontho loyamba ndi kansalu koyera, muyeze lachiwiri.

Tsopano kukazizira, makamaka masiku a chiperoni, magazi amavuta kutuluka, ndiye ambiri amayamba kufinya nsonga ya chala mwamphamvu. Kufinyako kumatulutsanso madzi a m'mnofu omwe amasakanikirana ndi magazi, ndipo zotsatira sizikhalanso zoona. M'malo mwake sambani ndi madzi ofunda, tikitani manja, lendewetsani mkono kwa kanthawi, kenako bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakatikati. Kumbaliko sikupweteka kwambiri. Dontho likachepa, tengani kasitiripi kena, kapepala kolowetsa m'kamakina kolandira dontho la magazi, n'kuyambiranso.

Timasitiripi natonso timadana ndi chinyezi, ndipo kwathu kuno mvula sisowa. Mukatulutsa kamodzi, tsekani botolo nthawi yomweyo. Musatikhuthulire m'pepala kapena m'jumbo, musatisiye pawindo padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo onani tsiku lotha ntchito lolembedwa pabotolopo.

Mukabwereka kamakina ka mnzanu, onetsetsani zolembedwa pafupi ndi nambala. Kena kamawerenga mu muyeso wina wotchedwa mg/dL, ndipo kuti mupeze mmol/L mumagawa ndi 18: 126 kumeneko ndi 7.0 kuno. Kasingano kokha musabwerekane.

Koma ngati mukunjenjemera, thukuta lili kamukamu, njala yakugwirani mwadzidzidzi, kapena nambala ili pansi pa 3.9 mmol/L, imwani kaye madzi osungunuliramo masupuni atatu a tiyi a shuga, muyezenso pakapita mphindi 15.