Mutu waching'alang'ala ukayamba: zochita pa ola loyamba

Pa mutu waching'alang'ala, mankhwala omwewo amene angakuthandizeni mukamwa pa mphindi khumi zoyamba nthawi zambiri amathandiza mochepa mukamwa patapita maola awiri. Ndiye ngakhale ambiri amayamba ndi kukagona kuchipinda chamdima, ine ndimati yambani mwamwa mankhwala, kuchipinda mupite pambuyo pake. Izi ndikulembera munthu wamkulu amene anauzidwa kale ndi dokotala kuti mutu wake ndi waching'alang'ala, ndipo amaudziwa mmene umabwerera.

Choyamba, siyani zimene mukuchita mukangoona zizindikiro zanu. Ena amayasamula pafupipafupi, khosi kulemera, ena amaona timizere tothwanima tokhotakhota m'mbali mwa diso, zilembo pa foni n'kuyamba kusowa mbali imodzi. Zothwanimazi nthawi zambiri zimatenga mphindi 5 mpaka 60, kenako mutu umayamba kugunda, kawirikawiri mbali imodzi. Ngati mukuyendetsa galimoto, imani pambali. Yang'ananinso wotchi, chifukwa nthawi imeneyi muifuna powerengera mankhwala.

Chachiwiri ndi mankhwala, ndipo apa ndi pamene zinkandivuta ine. Mutu uwu ukayamba, m'mimba namonso mumayamba ulesi: chakudya ndi mapilitsi zimangokhala osatsikira m'matumbo, kumene mankhwala amalowera m'magazi. Ndinkadikira kuti ndione kaye ngati ndi mutu weniweniwo kapena wakutopa chabe. Pofika nthawi yomwa, nseru inali itafika kale pakhosi, ndipo patapita kanthawi ndinkasanza piritsi lili loyera, lathunthu, ngati ndangolitulutsa kumene m'paketi. Ndinkati mankhwalawo ndi ofooka, chonsecho sanafike n'komwe kumene amagwirira ntchito.

Choncho imwani ululu udakali wochepa, ndipo imwani mlingo wokwanira. Kumwa piritsi limodzi poti musunge ena kumangokutayitsani ola lofunikalo. Kwa munthu wamkulu, sankhani chimodzi mwa izi: asipulini mamiligalamu 900, amene ndi mapilitsi atatu a 300, kapena ibupurofeni, uja ambiri amati bulufeni, mamiligalamu 400, kapena panado mamiligalamu 1,000, mapilitsi awiri a 500. Asipulini ndi bulufeni musaphatikize, onse amakanda m'mimba mofanana. Ngati alipo osungunuka m'madzi, tengani amenewo, chifukwa chamadzimadzi chimadutsa msanga m'mimba mwaulesimo. Tsitsirani ndi tambula yathunthu ya madzi, ndipo ngati nseru isanafike, ikani kanthu kochepa m'mimba.

Si aliyense angamwe onsewa. Wodwala zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, kapena womwa mankhwala oletsa magazi kuundana asakhudze asipulini ndi bulufeni popanda dokotala, ndipo ena a mphumu amabanika nawo. Mwana wosakwana zaka 16 sapatsidwa asipulini. Mayi woyembekezera ayambe ndi panado, zina zonse afunse kusikelo.

Nseru ili ndi mankhwala ake, ndipo kwa ine amenewa ndi amene anasintha zinthu. Dokotala angakulembereni metokulopulamaidi, mamiligalamu 10, amene mumamwa limodzi ndi mankhwala a ululuwo. Amaletsa kusanza, komanso amakankha m'mimba kuti muyambenso kuyenda, ndiye asipulini uja amafika kumene akufunika. Ndi oti mwa apo ndi apo, osati tsiku ndi tsiku. Kwa ena, makamaka achinyamata, amalimbitsa minofu ya khosi ndi nkhope. Zikatero siyani, thamangirani kuchipatala. Ngati mwasanza mutamwa kale mankhwala a ululu, musangobwereza mlingo wonse poganiza kuti onse atuluka. Panado amafuna kuti papite maola osachepera anayi musanamwenso, ndipo asapitirire mamiligalamu 4,000 pa maola 24. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi panado mkati.

Amene mankhwala wambawa sawathandiza amalemberedwa sumatiripitani, mamiligalamu 50 kapena 100. Ameneyu mumamwa mutu ukayamba kupweteka, osati pa nthawi ya zothwanima zija, pamene kawirikawiri sathandiza. Mutu ukaleka n'kubwereranso, mungamwe wina patapita maola awiri. Koma ngati woyambayo sanachite kanthu, wachiwiri pa mutu womwewo ndi kungotaya ndalama, ndipo ndi mankhwala odula. Sayenera kwa munthu wa matenda a mtima, amene anadwalapo sitiroko, kapena wa BP yokwera yosalamulirika.

Pa nkhani ya ndalamayi, paketi yokongola yolembedwa kuti ndi ya mutu waching'alang'ala nthawi zambiri ili ndi mankhwala omwe aja, mtengo wokha ndi umene wakwera. Tembenuzani paketi muwerenge zimene zili mkati. Koma kutchipa kukhale ndi malire: mapilitsi ongotapidwa m'botolo, opanda dzina, mlingo kapena tsiku lothera ntchito, asiyeni, ngakhale wogulitsayo alumbire kuti ndi amphamvu. "Amphamvu" amenewa nthawi zina amakhala kodini kapena tiramado, amene pa mutu uwu amawonjezera nseru, amazolowereka m'thupi, ndipo mutu umabwerera msanga.

Mukamwa, tsopano pitani kuchipinda. Tsekani makatani, zimitsani nyale, foni muiike chafufumimba ndipo isalire. Kuwala kolowera pansi pa chitseko kumakwana kubaya m'diso, ndiye tsekanipo ndi thaulo, kapena phimbani maso ndi kansalu kakuda. Fungo nalo limavuta: perefyumu, utsi wa fodya, zokazinga kukhitchini. Auzeni a m'nyumba kamodzi kokha kuti mwayamba mutu uja, asamabwere kudzafunsa mphindi zisanu zilizonse ngati mukupezako bwino. Nyowetsani kansalu m'madzi ozizira muike pamphumi kapena kumbuyo kwa khosi. Ngati ndi ayezi, mukulungeni m'nsalu ndipo asapitirire mphindi 15 kapena 20. Gonani chammbali, beseni lili pafupi, osatembenukatembenuka, chifukwa kusuntha kulikonse kumawonjezera kugundako. Tulo tikabwera, musalimbane nato. Kwa anthu ambiri tulo ndi timene timamaliza ntchito imene mankhwala ayamba.

Madzi muzimwa pang'onopang'ono. Kapu imodzi ya khofi kapena tiyi imathandiza ena ikamwedwa koyambirira, koma ngati mumadziwa kuti imakusowetsani tulo, isiyeni. Ola likakwana ululu umakhala utayamba kutsika, ngakhale kuti mankhwala amaweruzidwa bwino pakatha maola awiri. Mukadzuka lembani pakalendala tsiku ndi zimene mwamwa. Panado, asipulini kapena bulufeni akamamwedwa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, sumatiripitani kapena kodini masiku 10, amayamba kubweretsa okha mutu wa tsiku ndi tsiku, ndipo apo m'pofunika kukambirana ndi dokotala za mankhwala oteteza.

Pali mutu wina wosayenera kugonera kuchipinda. Ukabwera mwadzidzidzi n'kufika pachimake pasanathe mphindi imodzi, ukabwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, kufooka kwa dzanja kapena mwendo mbali imodzi, pakamwa kupotoka, kulankhula mosamveka, kusokonezeka mutu kapena kukomoka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo wina akuperekezeni. Chimodzimodzi ngati wayamba mutamenyetsa mutu, ngati ndi woyamba wamtunduwu muli ndi zaka zoposa 50, ngati zothwanima zapitirira ola, kapena ngati muli oyembekezera ndipo mutuwo ndi wachilendo. Pamenepo asipulini musamwe, chifukwa ngati magazi akutuluka mu ubongo amawonjezera vutolo.