Kuwerengera mapuloteni a nyemba, chimanga ndi mtedza pa tsiku lopanda nyama

Munthu wamkulu amafunika mapuloteni okwana magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti afunika magalamu pafupifupi 50. Ngati sadya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka, angawapezebe mu nyemba, chimanga ndi mtedza, bola kuwerengera kwake kukhale kolondola.

Poyamba, yezani chakudya chikadali chouma, chisanalowe mumphika. Magalamu 100 a nyemba zouma amakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 21. Nyemba zomwezo zikapsa zimakhala zitamwa madzi ambiri, kulemera kwake n'kupitirira kawiri, moti magalamu 100 a nyemba zophika amangopereka magalamu 8 kapena 9 basi. Apa m'pamene ambiri amasokonekera: amayeza zophika koma n'kugwiritsa ntchito nambala ya zouma, choncho amadziwerengera mapuloteni amene sanadye. Mbale yodzaza msuzi, nyemba zili zongoyandama, imanyenganso maso. Ufa wa mgaiwa uli ndi magalamu pafupifupi 8 pa 100 alionse, ufa woyera umacheperapo chifukwa madeya ndi kamtima ka mbewu zimakhala zitachotsedwa. Mtedza wosenda uli ndi magalamu 25.

Tiyeni tiphatikize za munthu wa makilogalamu 60 uja. Tsiku lonse wadya ufa wa mgaiwa wokwana magalamu 300, kuphatikizapo wa phala la m'mawa, ndipo apo wapeza magalamu 24. Nyemba zouma magalamu 80, zimene zikapsa zimadzaza kapu n'kupitirirako pang'ono, zamupatsa 17. Mtedza magalamu 40, kaya wokazinga kaya wosinja, wawonjezera 10. Zonse pamodzi ndi magalamu 51.

Nambalayi yafika, koma yangokwanira ndendende. Mapuloteni a m'zomera, makamaka a nyemba, sagayika onse m'mimba monga amachitira a mazira kapena mkaka. Ine ndimalangiza kuti nyemba zikwere kufika magalamu 100, zonse zikhale cha m'ma 55, kuti pakhale kapadera.

Chachiwiri ndiye chachikulu, ndipo sichioneka pa chiwerengero cha magalamu. Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino asidi, ndipo 9 mwa ito thupi silingapange lokha, timayenera kuchokera m'chakudya. Kamodzi kakachepa, thupi limalephera kugwiritsa ntchito bwino tinato pomanga minofu, ngati mmisiri amene ali ndi njerwa mulu koma simenti yamuthera. Chimanga n'chosauka pa kachigawo kotchedwa laisini. Nyemba zili ndi laisini wambiri koma zimaperewera methiyonini, amene chimanga chili naye wokwanira. N'chifukwa chake ziwirizi zimakwanitsana. Mtedza ndi wina: mapuloteni ake ndi ochuluka, koma laisini wake ndi wochepa, pafupifupi theka la amene ali m'mapuloteni a nyemba.

Onani mmene zimakhalira. Munthu wathu uja amafunika laisini wokwana mamiligalamu 1,800 pa tsiku. Chakudya tawerengera chija chimamupatsa pafupifupi 2,200, ndipo kuposa theka la amenewa likuchokera ku nyemba zokha. Tsopano achotse nyemba zonse, m'malo mwake awonjezere mtedza magalamu 70. Mapuloteni akhalabe cha m'ma 50, pa pepala palibe chasintha, koma laisini watsika kufika pafupifupi 1,700, kuchepera pa mlingo wofunika. Choncho mtedza ndi wowonjezera chabe, suyenera kulowa m'malo mwa nyemba. Nyemba zikasowa, funani zinzake monga khobwe, nandolo kapena soya.

Sikuti zitatuzi zimayenera kukumana m'mbale imodzi nthawi zonse ayi. Kwa munthu wamkulu, kuzidya tsiku lomwelo n'kokwanira. Chimene chimavuta ndi kukhala masiku otsatizana pa chimanga ndi mtedza wokha.

Nyemba muziviike usiku, mutaye madziwo, kenako ziwire kwambiri ndi kupsa mpaka zizinyenyeka mukazifinya ndi zala. Zosapsa bwino zimapweteketsa m'mimba ndipo mapuloteni ake sagayika mokwanira. Mtedza wachuku, wofota kapena wowawa utayeni, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kukazinga.

Masamu onsewa ndi a munthu wamkulu wathanzi. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa amafunika ochulukirapo. Mwana wamng'ono ali ndi vuto lina: kamimba kake kamadzaza msanga ndi chakudya cha ufa asanapeze zokwanira, choncho phala lake likhale lolimbirako, muthiremo nyemba zophika zopota ndi nsinjiro, ndipo azidya pafupipafupi.