Momwe mungasakanizire mchere ndi ufa wa mafupa woti ng'ombe zizinyambita

Ng'ombe ikamatafuna mafupa, miyala kapena nsanza, thupi lake nthawi zambiri limakhala likusowa fosifolasi, chinthu chomanga mafupa chomwe chimapezekanso mu ufa wa mafupa. Ikamanyambita dothi ndi thukuta la zinzake, ikufuna mchere. Zizindikiro zina zimabwera mochedwa: kuyenda mouma miyendo, mkaka kuchepa, ndi yaikazi kutha zaka ziwiri osatenga bere. Ng'ombe kutafuna mafupa otola kutchire n'koopsa, chifukwa a nyama yowola amakhala ndi poizoni wa botulizimu, yemwe amafoola ng'ombe mpaka kufa.

Musayambe ndi kusakaniza. Yambani ndi mchere wokha, ndipo apa m'pamene ambiri amataya ziweto. Ng'ombe yomwe yakhala miyezi osalawa mchere ikaupeza wodzaza chodyera imadya mopitirira. Madzi akakhala kutali, imayamba kutsekula m'mimba, kunjenjemera, kudzandira, ina kugwa osadzukanso. Choncho sabata ziwiri zoyamba perekani magalamu 20 mpaka 30 pa ng'ombe yaikulu patsiku, zitamwa kale madzi, ndipo madziwo akhalepobe pafupi. Mwazani mcherewo m'zodyera zingapo, apo ayi nkhunzi ndi zazikazi zaukali zimaliza gawo la zonse. Mukaona kuti zasiya kulimbirana ndipo zikusiyako wina, njala ya mchere yatha.

Tsopano sakanizani magawo awiri a ufa wa mafupa ndi gawo limodzi la mchere, poyeza pa sikelo, osati ndi chitini, poti mchere umalemera kuposa ufawo. Ng'ombe yaikulu idye pafupifupi magalamu 90 patsiku. Kwa ng'ombe 10, ndiye kuti makilogalamu 27 pamwezi: 18 a ufa, 9 a mchere. Zikakana fungo la ufawo, yambani ndi theka ndi theka. Zikamadya mopitirira, onjezerani mchere, chifukwa ndi umene umaziletsa.

Ufawo ukhale wopangidwira ziweto, wophikidwa ndi nthunzi yotentha kwambiri. Wothira m'dimba ngati manyowa, ngakhale ndi wotchipa, usayandikire khola, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo ta anthirakisi. Ogulitsa ena amathiramo laimu kuti thumba lilemere. Donthezerani viniga pa ufa pang'ono: ukachita thovu lambiri, bwezani. Dziwaninso kuti mayiko ambiri analetsa kudyetsa ng'ombe ufa wa mafupa chifukwa cha matenda a misala ya ng'ombe, ndiye funsani mlangizi wa ziweto musanagule. Kumene ndi woletsedwa, gwiritsani ntchito dayikashiamu fosifeti. Ameneyu ali ndi fosifolasi wambiri, moti magalamu 40 amalowa m'malo mwa 60 a ufa.

Chodyera chikhale ndi kadenga ndi mabowo pansi, kuti mvula isasandutse mchere madzi oti ng'ombe zimwe. Tayala lakale kapena mgolo wodula pakati zimakwana. Musasiye kuzipatsa m'dzinja poona msipu wobiriwira, chifukwa m'pamene ng'ombe zikukula ndi kuyamwitsa, ndipo fosifolasi amafunika kwambiri. M'chilimwe, udzu ukauma, chosowa chachikulu chimakhala mapuloteni, ndipo mchere ndi ufa paokha sizingabweze thupi la ng'ombe yowonda.