Momwe mungasankhire mayina a anthu m'buku la nthano lochitikira ku Ntcheu kapena ku Dedza

Munthu sadzitcha yekha dzina. Amamutcha ndi wina, m'chaka china, pa chifukwa china. Ndiye musanalembe dzina lililonse m'buku lanu, tengani pepala mulembe zinthu zitatu za munthu aliyense: chaka chomwe adabadwa, yemwe adamutcha dzina, ndi komwe makolo ake ankapemphera. Tiyeni tiyesere pa banja limodzi. Tinene kuti nkhani yathu ikuchitika mu 2019 pa Lizulu, ndipo tili ndi gogo wamkazi wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika, mwana wake wamwamuna, ndi mdzukulu wamkazi wa kusekondale.

Choyamba, werengani zaka chobwerera m'mbuyo. Gogoyo ngati ali ndi zaka 70, adabadwa mu 1949, chaka cha njala yaikulu ija. Mayi wobadwa nthawi imeneyo kumudzi sangakhale Tadala kapena Takondwa. Mayina achichewa othokoza ndi oyamika adachuluka pambuyo pa ufulu wa 1964, ndipo amakhala bwino pa munthu wobadwa m'zaka za m'ma 1980 kapena 1990: Chisomo, Mphatso, Yamikani, Thokozani, Madalitso. Anthu a msinkhu wa gogoyu ambiri amadziwika ndi dzina la ubatizo lotchulidwa mwa Chichewa, ndipo apa mpingo ndi umene umakuuzani. Wobatizidwa kwa Akatolika, monga ku Bembeke, ku Mua kapena ku Nzama, amatenga dzina la woyera: Velonika, Tereza, Aginesi, Benedikito, Filipo. Wa CCAP wa mbali ya Mlanda angakhale Esinati, Enelesi kapena Elube, mlongo wake nkukhala Faisoni kapena Laitoni. Gogo wathu timutche Velonika. Ndi dzina lokhalo wowerenga wadziwa kale kuti m'nyumbamo muli kolona.

Chachiwiri ndi mfunda, ena amati chiwongo, ndipo apa mpomwe olemba ambiri amagwa. Ku Ntcheu ndi dziko la Angoni a Maseko, a kwa Inkosi ya Makosi Gomani, ndipo mumamva mifunda monga Maseko, Ngozo, Gama, Jere ndi Nyoni. Pakati pa Achewa a ku Dedza mumamva kwambiri Phiri, Banda, Mbewe, Mwale ndi Nkhoma. Anthuwa adakwatirana kalekale, choncho musachite ngati pali mpanda pakati pawo. Chomwe muyenera kugwiritsitsa n'chakuti mkazi amaitanidwa ndi mfunda wa kwawo, woyamba ndi Na-, osati wa mwamuna wake. Ndidawerengapo nkhani ina ya wophunzira kulemba momwe mkazi wa a Phiri ankatchedwa Naphiri chifukwa choti wakwatiwa ndi a Phiri. Kwa wowerenga wa kuno zimamveka ngati munthu wakwatira mlongo wake. Ndiye Velonika wathu akhale Nagama, malemu mwamuna wake akhale a Ngozo. Masiku ano ana ambiri amatenga mfunda wa bambo, choncho mwana wawo wamwamuna ndi Ngozo, mdzukulu uja ndi Nangozo.

Mfunda si dzina la bambo lolemba kusukulu nthawi zonse. Mabanja ambiri amalembetsa dzina la agogo aamuna, ndipo mukhoza kubisamo mbiri yonse. Amuna ambiri a kuno ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale, ndipo ena adabwerako ndi mayina a kuntchito omwe adawakanirira. Mwamuna wa Velonika tinene kuti ankatchedwa Sikelo. Mdzukulu wake pa kaundula wa sukulu ndi wa kwa Sikelo, koma gogo wake akafuna kumulemekeza amati Nangozo. Pewani mayina a mafumu odziwika monga Gomani, Kachindamoto, Njolomole kapena Kwataine, pokhapokha ngati mukufunadi kuti munthu wanu akhale wa kubanja lachifumu. Wowerenga wa ku Ntcheu adzayamba kufunsa kuti ameneyu ndi wa nyumba iti.

Tsopano mwana wamwamuna, wobadwa mu 1972. Funsani chomwe chidachitika pakhomopo iye asanabadwe. Ngati Velonika adataya ana awiri motsatizana, wachitatuyo angatchedwe Mavuto, Maliro kapena Misozi, ndipo ngati panali kukayikirana ndi achibale pa imfazo, dzina limatha kukhala chonena cholunjika kwa iwo, monga Mwatitha. Dzina lotere limafuna nkhani kumbuyo kwake. Mukalipereka kwa munthu wobadwa pamtendere chifukwa choti m'mutu wachisanu adzavutika, mwalemba ngati makolo ake anali alosi. Ine ndimadana nazo zoti wakuba aliyense m'buku akhale Mavuto, mtsikana wabwino aliyense akhale Chikondi. Moyo sutero, ndipo wowerenga amadziwiratu mathero. Kanthu kena kakang'ono: munthu wa msinkhu umenewu akhoza kumalemba dzina lake mwa kalembedwe kakale, Mabvuto. Mungalisiye choncho pa kalata kapena pa chikwangwani cha golosale yake.

Mdzukulu, wobadwa mu 2003, ndi wosavuta. Tadala, Tamanda kapena Pemphero zikukwana, kapenanso dzina lachingerezi monga Puleshasi ngati mayi ake amapemphera ku mpingo wa chipentekoste. Kumbukirani kuti mayina ambiri achichewa ndi a amuna ndi akazi omwe, choncho pomutchula koyamba onetsani kuti ndi mtsikana.

Anthu oyandikana nawo asakhale a mtundu umodzi onse. Pa Lizulu ndi pa Biriwiri msewu wa M1 umayenda m'malire a Mozambiki, ndipo m'zaka za m'ma 1980 nkhondo idathamangitsira anthu ambiri a kumeneko m'maboma awiriwa. Zuze kapena Juwawo wodzagulitsa tomato kuchokera ku Angonia sadabwitsa aliyense. Ngati nkhani ifika kwa Tambala ku Dedza, komwe kuli Ayao ambiri achisilamu, mudzafuna Che Saidi, Yusufu, kapena mayi woitanidwa kuti Abiti, kutsatizana ndi dzina la bambo ake.

Mayina atapezeka, ntchito yeniyeni ndi kulemba yemwe amaitana munthu ndi dzina liti. Pansi pa dzina lililonse lembani maitanidwe ake onse. Velonika kutchalitchi ndi mayi Sikelo, pamsika ndi Anagama, kwa mdzukulu ndi agogo, ndipo malemu mwamuna wake ankangoti make Mavuto. Dzina loti Velonika mwina limveka kawiri m'buku lonse, pakamwa pa wansembe kapena pa namwino woitana odwala. Mkazi wa Mavuto amati bambo a Tadala, ndipo tsiku lomwe adzanene kuti "iwe Mavuto" wowerenga adzadziwa kuti banja lagwedezeka, inu osafotokoza. Kwa Achewa a m'midzi ya Gule Wamkulu palinso dzina la paubwana lomwe limasiyidwa munthu akalowa chinamwali, ndipo kumuitana nalo pambuyo pake ndi chipongwe. Munthu wanu woipa mtima angaligwiritse ntchito dala pabwalo la milandu.

Pomaliza ikani mayina onse pamzere muwawerenge mokweza. Mukapeza Chisomo, Chifundo ndi Chimwemwe m'nyumba imodzi, sinthani awiri, chifukwa diso la wowerenga limagwira zilembo zoyamba zokha. M'banja lathu tili ndi Velonika, Mavuto, Tadala ndi Zuze wa pamsika, palibe awiri oyamba mofanana. Kenako pezani munthu wachikulire wa ku dera lomwelo, mumuuze mayinawo popanda kutchula zaka, mumufunse kuti aliyense angakhale ndi zaka zingati komanso amapemphera kuti. Akaphonya ndi zaka makumi awiri, dzinalo lifufuteni mupeze lina.